Musanagawane nyumba ndi shopu ya malemu, yambani mwathana ndi msonkho

Maliro akatha, anthu akameta, pamakhala tsiku lija achibale amakhala pansi kukambirana za katundu. Atsibweni atenga kope ndi cholembera, mayi wamasiye ali pamphasa, makiyi a shopu ali patebulo. Pamenepo pamakambidwa za amene atenge chiyani, koma sipamveka munthu wofunsa kuti malemuwa anali bwanji ndi a MRA, kapena kuti boma litengapo zingati nyumba isanalembedwe dzina lina. Funso limeneli limadzabwera patapita chaka kapena zaka zitatu, pofuna kugulitsa nyumba, ndalama za kubanki zitadyedwa kale.

Misonkho imene imakhudza banja loferedwa ili pamitundu itatu, ndipo chisokonezo chambiri chimabwera chifukwa choiphatikiza. Pali msonkho umene malemu anasiya asanalipire ali moyo. Pali msonkho wa chuma cha masiye, umene boma limatenga kamodzi kokha pa chuma chonse chisanagawidwe. Ndiye pali msonkho wanu inu olandira, umene umayamba nyumba kapena bizinesi ija ikayamba kukubweretserani ndalama. Iwiri yoyambayo imalipidwa kuchokera m'chuma cha malemu. Wachitatuwo umatuluka m'thumba mwanu.

Kuti tisamayankhule za m'malere, tiyerekeze banja limodzi. Bambo amwalira ku Lilongwe osasiya wilo. Asiya mkazi ndi ana atatu, mmodzi ali ku Joni. Asiya nyumba ku Area 25 imene kampani ina ikuchita lendi, shopu ya hadiweya ku Mchesi imene ankayendetsa m'dzina lawo, pikapu, ndi kandalama kubanki. Banjali lokha limakhala m'nyumba ina ya lendi pafupi ndi shopuyo.

Yambani ndi mapepala, katundu musamugwire

Setifiketi ya imfa imachokera ku National Registration Bureau, ndipo popanda iyo palibe ofesi imene ikumvereni. Jambulitsani makope angapo ndi kuwadinditsa, chifukwa banki, khoti, a MRA ndi a zamalo aliyense afuna lake.

Kenako fufuzani m'madilowa ndi m'zikwama za malemu. Mukufuna mapepala a nyumba, nambala yawo ya msonkho yotchedwa TPIN, malisiti a msonkho, makalata ochokera ku MRA, mgwirizano wa lendi, mapepala a ngongole, ndi kope limene ankalembamo anthu otenga katundu pangongole. Sabata yomweyo werengani katundu yense ali m'shopu, thumba lililonse la simenti ndi chitini chilichonse cha penti, pamaso pa anthu awiri kapena atatu a mbali zonse za banja, ndipo onse asayinire. Msonkho wa chuma cha masiye umawerengedwa pa mtengo wa zinthu tsiku limene munthu wamwalira. Mukachedwa miyezi iwiri, malata ena atapita kukamangira chiliza, ena atagulitsidwa popanda lisiti, palibenso amene angalumbire kuti m'shopumo munali zotani.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa malemu m'gulu la milandu. Wachibale amene wanyamula pikapu usiku wa maliro ali ndi mlandu, ndipo wasokonezanso chiwerengero chimene wina adzalumbirire kukhoti.

Pakhale munthu mmodzi amene khoti likumudziwa

Ngati pali wilo, munthu amene watchulidwamo amapita kukhoti kukaitsimikizitsa. Ngati palibe, monga m'banja lathuli, mmodzi kapena awiri amapempha kalata ya khoti yowapatsa mphamvu yoyendetsa chumacho, imene pamwamba pake pamalembedwa kuti Letters of Administration. Chuma chikakhala chochepa nkhani imatha kuthera kwa DC kapena kukhoti la majisitireti, koma pakakhala nyumba ya m'tauni ndi bizinesi muyembekezere khoti lalikulu. Banja likalephera kugwirizana, ofesi ya boma ya Administrator General imatha kuyendetsa chumacho.

Musasankhe munthu chifukwa choti ndi wamkulu pamtundu. Lamulo la msonkho limamuona woyendetsa chumayu ngati woimirira malemu pa nkhani zonse za msonkho. Akagawa ndalama kwa abale ake msonkho usanalipidwe, a MRA angathe kumutsata iye mwini. Pamafunika munthu wosunga malisiti, amene angathe kuuza amalume ake kuti, "Pepani atsibweni, ndalamayi sindingaitulutse pano, tidikire kalata ya msonkho." Sikuti aliyense angathe kunena mawu amenewo.

Msonkho wa chuma cha masiye

Apa ndi pamene mabanja ambiri amadzidzimuka, chifukwa msonkhowu umabwera kutsogolo. Khoti silitulutsa kalata ija lisanaone setifiketi yosonyeza kuti nkhani ya msonkho wa chuma cha masiye yalongosoledwa. Msonkhowu uli ndi lamulo lakelake, losiyana ndi la msonkho wa malipiro ndi phindu, ndipo kwa zaka zambiri wakhala ukuwerengedwa ku ofesi ya Registrar General, osati pa kauntala ya MRA imene malemu ankalipirapo.

Woyendetsa chuma amadzaza fomu yolumbirira, kulemba zonse zimene malemu anali nazo ndi ngongole zawo. Mtengo wa nyumba sumangotchulidwa pakamwa. Pamafunika lipoti la katswiri wovomerezeka woyesa mitengo ya nyumba, wa boma kapena woima payekha. Banki imalemba kalata yonena ndalama zimene zinali mu akaunti tsiku la imfa.

Tiwerengere banja lathu lija. Nyumba yayesedwa K60,000,000. Katundu wa m'shopu wakwana K14,000,000, pikapu K9,000,000, kubanki kuli K5,000,000. Zonse pamodzi K88,000,000. Pamenepo timachotsapo zimene malemu anali nazo ngongole: K10,000,000 ya kubanki, K3,000,000 ya kampani imene inkawapatsa simenti, K1,000,000 ya msonkho wotsalira, ndi K2,000,000 imene inapita pa bokosi, galimoto ndi zina za maliro. Zochotsazo zakwana K16,000,000, ndiye msonkho uwerengedwa pa K72,000,000.

Peresenti yake imakwera chuma chikamakula, ndipo chuma chochepa kwambiri sichilipira kanthu. Funsani mndandanda wa maperesenti umene ukugwira ntchito pa imfa ya m'bale wanuyo. Pongofuna kuona kukula kwa nkhani, tingoyerekeza kuti banjali lagwera pa 7 peresenti. Msonkho ukhala K5,040,000. Onani bwino: ndalama yonse ya kubanki ndi K5,000,000, ndipo banki yatseka akaunti kudikira kalata ya khoti, pamene khoti likudikira msonkho. Banja lili ndi chuma cha mamiliyoni 72 papepala koma lilibe ndalama m'manja.

Njira zotulukira zilipo, koma zimafuna kufunsa msanga. Loya kapena woyendetsa chuma angathe kukambirana ndi ofesi yowerengera msonkhoyo komanso banki za mmene msonkho ungalipidwire kuchokera mu akaunti ya malemu. Nthawi zina mwana mmodzi, kawirikawiri wa ku Joni uja, amalipira kuchokera m'thumba mwake. Zikatero lembani pansi kuti ndi ngongole imene chuma cha masiye chidzamubwezere, ndipo onse asayine, apo ayi patsogolo adzanena kuti nyumba ndi yake poti ndiye anaiwombola. Kungokhala chete ndiye kodula kwambiri, chifukwa msonkho wochedwa umabala chiwongoladzanja.

Ngongole zimachepetsa msonkho pokhapokha zikakhala ndi umboni. Mnzawo wa malemu wonena kuti anawabwereka K2,000,000 pa bawo, popanda pepala, sangathandize kanthu pa fomuyi. Za maliro nazonso zimafuna malisiti, ndipo zimene zimaloledwa ndi zoyenerera maliro, osati phwando la sabata yonse.

Mwina wina angakunong'onezeni kuti muuze woyesa nyumba atsitse mtengo. Ine sindingakulimbikitseni. Fomu ija ndi lumbiro, ndipo nyumba imene munalumbira kuti ndi ya K30,000,000 mukadzaigulitsa K70,000,000 chaka chamawa, mapepala onse awiri adzakumana patebulo limodzi.

Ndalama za penshoni zili padera. Zimapita kwa anthu amene malemu anawalemba ku thumba la penshoni, ndipo sizilowa m'chuma chogawidwa ndi woyendetsa chuma.

Pitani ku MRA musanaitanidwe

Lembani kalata yodziwitsa a MRA za imfayo, muikemo TPIN ya malemu ndi kope la setifiketi ya imfa, mukaipereke ku ofesi imene malemu ankalipirako, ndipo kope lanu alidinde. Pemphani kuti akusindikizireni mmene akaunti ya malemu ilili. Pepala limenelo ndi limene likuuzeni zoona: mafomu amene sanaperekedwe, zilango zimene zaunjikana, ndiponso nthawi zina ndalama zimene malemu analipira mopitirira.

Chaka cha msonkho cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi. Ngati bambo aja anamwalira mu Ogasiti, phindu la shopu ndi lendi ya kuyambira Epulo mpaka tsiku la imfa ndi zawo, ndipo woyendetsa chuma ayenera kuwaperekera fomu yomaliza. Zimene zalowa pambuyo pa tsikulo, chuma chisanagawidwe, zimalembedwa padera ngati za chuma cha masiye. N'chifukwa chake ndi bwino kutsegula kope latsopano tsiku lotsatira maliro, ndiponso akaunti ya chuma cha masiye kalata ya khoti ikangotuluka. Lendi isamalowe mu foni ya mwana woyamba kubadwa.

Mlandu suwola, ndipo ngongole ya msonkho ndi chimodzimodzi: siifa ndi mwini wake. Koma imalipidwa kuchokera m'chuma chimene wasiya. Mwana amene sanalandire kanthu salipira msonkho wa bambo ake ndi malipiro a kuntchito kwake.

Shopu: funsani kaye kuti inalembetsedwa bwanji

Funso ili limasintha zonse. Ngati bizinesi ndi kampani yokhala ndi masheya, ija dzina lake limathera ndi Limited, imfa ya mwini siyiimitsa. Kampani ili ndi TPIN yakeyake, imapitiriza kupereka mafomu ake, ndipo chimene ana amalandira ndi masheya. Mtengo wa masheyawo ndi umene umalowa pa fomu ya chuma cha masiye. Nyumba kapena galimoto imene ili m'dzina la kampani ndi ya kampani, ndipo banja silingangoigawana.

Shopu ya ku Mchesi ija si kampani. Bambo ankachita bizinesi paokha, dzina la pachikwangwani linali dzina chabe. Pamaso pa lamulo bizinesiyo inali iwowo, ndipo TPIN inali yawo. Mayi kapena mwana amene apitirize shopu ayenera kulembetsa TPIN yake, kusintha umwini wa dzina la bizinesi, ndi kutenga layisensi ya kukhonsolo m'dzina lake. Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri ndi kupitiriza kugulitsa zaka ziwiri pa nambala ya womwalira, pogwiritsa ntchito pasiwedi imene inali m'kope lake kulowa pa webusayiti ya MRA ya Msonkho Online. Zimaoneka ngati zikuyenda mpaka tsiku lofuna setifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, kapena kasitomala wamkulu akafuna kulipira m'dzina la munthu amene akaunti yake inatsekedwa.

Masiku olipirira sadikira maliro. Ngati m'shopu muli antchito amene malipiro awo amafika podulidwa msonkho wa pamalipiro wa PAYE, ndalamayo imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ngati shopu inalembetsa VAT, fomu yake imaperekedwa pofika pa 25 mwezi wotsatira, ngakhale mwezi umene shopu inali yotseka chifukwa cha zovuta. Mwezi wotero mumapereka fomu yosonyeza kuti simunagulitse kanthu. Kusapereka n'komwe kumabweretsa chilango, ndipo chilango chotere chimapweteka mtima chifukwa palibe phindu limene munapeza.

Ndalama za PAYE ndi VAT sizinali za malemu. Ankangotolera m'malo mwa boma. Ngati munazipeza m'dilowa n'kugulira ufa ndi nkhuni za pamaliro, dziwani kuti ziyenera kubwezedwa msanga.

Banja likaganiza zotseka shopu, kukhoma chitseko sikokwanira. Lembani kalata yopempha kuti shopuyo ichotsedwe pa VAT ndi pa PAYE, ndipo funsani mmene katundu wotsala awerengedwere. Mukapanda kutero kompyuta ya MRA imangoona mafomu osaperekedwa mwezi ndi mwezi.

Kusintha dzina pa nyumba

Kalata ya khoti ikatuluka, woyendetsa chuma amapita nayo ku ofesi ya zamalo kuti alembedwe ngati woyang'anira nyumbayo, kenako n'kuisamutsira kwa oyenera kulandira. Pamenepa pamatuluka ngongole zina ziwiri zimene banja linaiwala. Yoyamba ndi msonkho wa khonsolo. Umenewu umamatirira pa nyumba, osati pa munthu, ndipo ngati bambo anasiya kulipira zaka zinayi zapitazo, khonsolo ya mzinda wa Lilongwe idzafuna zonse ndi zilango zake isanapereke pepala loti palibe ngongole. Yachiwiri ndi lendi ya malo, ngati poloti ndi ya liizi, imene imapita ku unduna wa zamalo kapena ku Malawi Housing Corporation malinga ndi mwini malowo. Ngongole ziwirizi, gawo limene linalipo tsiku la imfa, ziyenera kulowa pa fomu ya chuma cha masiye ija, choncho kazifufuzeni poyambirira pomwe.

A MRA nawo amapereka setifiketi yawo malo kapena nyumba isanasinthe dzina. Pano pali nkhani yabwino: lamulo la msonkho siliwerengera phindu nyumba ikamachoka m'chuma cha malemu kupita kwa mkazi kapena mwamuna wake, kapena kwa mwana wake. Mayi ndi ana atatu aja salipira msonkho wa phindu chifukwa chongolandira nyumba.

Koma taonani amene atchulidwa: mkazi, mwamuna, mwana. Kwathu kuno, makamaka kumene mbumba imatsata kuchikazi, si zachilendo kuti munthu alembe mu wilo kuti nyumba ipite kwa mwana wa mlongo wake. Wilo yotero ingathe kugwira ntchito, koma mwana wa mlongoyo sali pamndandanda uja. Zikakhala choncho, kalembereni a MRA kuwafunsa mmene awerengere musanayambe kusintha dzina, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Tsopano msonkho ndi wanu

Nyumba ya ku Area 25 ikubweretsa K400,000 pamwezi. Poti wochita lendi ndi kampani, amadula 20 peresenti, imene ndi K80,000, n'kuitumiza ku MRA, ndipo banja limalandira K320,000. Pachaka zodulidwazo zimakwana K960,000. Ndalama imeneyi sinatayike. Ndi msonkho wolipiriratu, umene umachotsedwa pa msonkho wanu wa chaka chonse mukapereka fomu. Koma imathandiza munthu amene TPIN yake yalembedwa pa setifiketi ya kudulako. Kampani ikapitiriza kulemba nambala ya malemu chifukwa palibe anaiuza, K960,000 ija imakakhala mu akaunti ya womwalira, ndipo kuitulutsako ndi ntchito ya makalata ambiri. Lemberani wochita lendi msanga, ndipo mgwirizano wa lendi ulembedwenso.

Wochita lendi akakhala munthu wamba wongokhalamo ndi banja lake, nthawi zambiri sadula kanthu. Izi sizitanthauza kuti lendiyo ilibe msonkho. Zikutanthauza kuti udindo wonse woinena uli pa inu. Fomu ya pachaka imaperekedwa pasanathe masiku 180 chaka chitatha. Pa lendiyo mumachotsapo zimene mwawononga poisamalira nyumba, monga kukonza denga lodontha, kupenta, inshuwalansi ndi msonkho wa khonsolo. Kumanga chipinda chatsopano kapena mpanda kumene kunalibe sikukonza, ndipo sikuchotsedwa pa lendi ya chaka chimenecho. Malisiti ake asungeni, adzagwira ntchito pogulitsa.

Nyumba ikalembedwa m'maina a anthu anayi, aliyense amanena gawo lake la lendi ndi kuliphatikiza ndi ndalama zake zina. Mwana amene ndi mphunzitsi, wodulidwa kale PAYE, angalipire zambiri pa gawo lake kuposa mayi amene alibe ndalama zina. Wa ku Joni uja asaganize kuti wapulumuka: lendi ya nyumba imene ili ku Malawi imakhomedwa msonkho ku Malawi, kulikonse kumene mwini wake akukhala. Asiye kalata yovomerezeka yopatsa m'bale wake mphamvu yomusayinira.

Tsiku lina banja lidzafuna kugulitsa. Munthu akagulitsa nyumba imene iye mwini amakhalamo ngati kwawo kwenikweni, phindu lake silikhomedwa msonkho. Nyumba ya ku Area 25 ndi ya lendi, palibe wa m'banjamo amene amakhalamo, choncho phindu la pogulitsa lidzawerengedwa ngati ndalama zimene mwapeza chaka chimenecho. A MRA amayang'ana mtengo wogulitsira, n'kuchotsapo mtengo woyambira umene amaukweza molingana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndipo zonsezo amaziwerengera pa mapepala amene mwabweretsa. Lipoti la woyesa nyumba la nthawi ya imfa, mapepala amene bambo anagulira poloti, ndi malisiti a simenti ndi malata omangira, zikhale mu fayilo imodzi kwa munthu mmodzi. Pogulitsa pamakhalanso msonkho wa sitampa pa mapepala osinthira umwini, umene kawirikawiri amalipira ndi wogula, koma mugwirizane molemba kuti pasadzakhale kukokana.

Kugawa

Woyendetsa chuma agawe pamene ali ndi zinthu izi m'manja: setifiketi ya msonkho wa chuma cha masiye, pepala la MRA losonyeza kuti akaunti ya malemu yatsekedwa popanda ngongole, mapepala a kukhonsolo ndi a lendi ya malo, ndi umboni woti banki ndi kampani ya simenti zalipidwa. Ngati mayi wamasiye ndi ana a sukulu akufunika ndalama zodyera ndi fizi zinthu zisanathe, zimenezo zitha kuperekedwa pang'onopang'ono, koma zilembedwe, ndipo mu akaunti mutsale ndalama yokwanira msonkho umene ukuyembekezeka.

Pa tsiku logawalo alembe pepala limodzi losonyeza zimene zinalowa, zimene zinatuluka ndi malisiti ake, ndi zimene aliyense walandira. Mayi asayine, ana asayine, wa ku Joni atumize lake losayina, ndipo atsibweni aja asayine ngati mboni. Kope limodzi lipite mu fayilo ya nyumba ija.